Chaka chatsopano chimene chinafika nsima ya masana ili pamoto

Mayi wina wa kumpingo kwathu kuno ku Zomba anandiimitsa titangotuluka m'mapemphero. Mwana wawo amagwira ntchito ya unamwino ku New Zealand, ndipo pa 31 Disembala anawaimbira foni nthawi itangokwana 1 koloko masana, iwo akuvundula nsima. Mwanayo anali kufuula kuti chaka chatsopano chalowa, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la chikondwerero. "Aphunzitsi," anatero mayiwo, "kuti kwawoko kunali usiku ndikumvetsa. Koma deti? Pa kalendala yanga panali pa 31, iye akuti pa 1. Tsiku limodzi lingakhale bwanji ndi mayina awiri?"

Ndaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, ndipo funso la mayiwa ndi lomwe limasokoneza ana ambiri m'kalasi. Za kusiyana kwa maola amazigwira msanga. Pamene amaterereka ndi pa deti.

Tiyambe ndi dzuwa. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, kulowera kum'mawa, ndipo kuzungulira konseko timakugawa m'madigiri 360. Ndiye kuti pa ola limodzi dziko limasuntha madigiri 15, ndipo digiri imodzi imatenga mphindi 4. Izi sizofuna kupita kunja kuti muzione. Zomba ili pa madigiri opitirira pang'ono 35 kum'mawa kwa Greenwich, malo a ku London omwe timayambira kuwerenga madigiri, pamene Mchinji ili pa madigiri ochepera pang'ono 33. Dzuwa limafika paliwombo ku Zomba mphindi pafupifupi 10 lisanafike paliwombo ku Mchinji. Koma palibe amene amakonza wotchi akamakwera basi ya ku Mchinji, chifukwa dziko lathu lonse linagwirizana kutsata nthawi imodzi, ya mzere wa madigiri 30, yomwe ili patsogolo pa Greenwich ndi maola awiri. N'chifukwa chake pa foni yanu pamalembedwa GMT+2 kapena UTC+2. Wotchi yathu ndi pangano la anthu, ndipo kuno ku Zomba imatsalira kumbuyo kwa dzuwa ndi mphindi pafupifupi 20.

Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi yomweyi, kotero wachibale wa ku Joni amalowa chaka chatsopano limodzi nafe. Tanzania ali pa GMT+3. Munthu ataima pa mlatho wa Songwe nthawi ya 11 koloko usiku pa 31 Disembala, tsidya linalo amakhala alowa kale mu Januwale pamene iye akadali mu Disembala. Kwa ola limodzilo mtsinje womwewo umakhala malire a zaka ziwiri.

Tsopano titsate pakati pa usiku pamene pakuyenda, tikuyang'ana wotchi ya ku Zomba. Mu Disembala New Zealand amakhala patsogolo pa Greenwich ndi maola 13. Ife tili patsogolo ndi awiri. Kuchotsera awiri pa 13 kutsala 11, ndiye mwana wa mayi aja ali patsogolo pathu ndi maola 11. Wotchi yake ikamati 12 koloko usiku, yathu imati 1 koloko masana, nthawi yomwe ija foni inalira. Ku Sydney chaka chimalowa ife tili pa 3 koloko masana. Kenako chimafika kwathu, n'kupitirira kumadzulo: ku London pamene kuno ili 2 koloko usiku, ku New York pamene kuno ili 7 koloko m'mawa pa 1 Januwale, ku Hawaii pamene kuno ili 12 koloko masana.

Apa ndi pamene pabisala vuto. Ukamapita kum'mawa, nthawi imanka ipita patsogolo. Ukamapita kumadzulo, imanka ibwerera. Tumizani anthu awiri kuchokera ku Greenwich, wina kum'mawa, wina kumadzulo, aliyense azikonza wotchi yake ndi ola limodzi pa madigiri 15 alionse. Akakakumana kuseri kwa dziko, pa madigiri 180, wa kum'mawa wawonjezera maola 12 ndipo wa kumadzulo wachotsera maola 12. Mawotchi awo aziloza ola lofanana, koma mmodzi aziti lero ndi Lachiwiri, mnzake aziti ndi Lolemba. Palibe amene walakwitsa masamu. Dziko ndi lozungulira, ndiye penapake payenera kukhala msoko pomwe lero likumana ndi dzulo.

M'kalasi ndimabweretsa dzungu, chifukwa mizere yake imachoka pa phesi kutsikira kunsi monga momwe imachitira mizere ya pa mapu. Ndimaliunika ndi tochi, ndipo mwana mmodzi amaloza ndi chala pakatikati pa mbali ya mdima osachisuntha. Pamenepo ndiye pakati pa usiku. Kenako ndimajambula mzere umodzi pa dzungulo ndi choko n'kuyamba kulizunguza. Deti limasintha pa malo awiri: pa chala paja, ndi pa mzere wa choko. Gawo lonse lochokera pa chala kupita kum'mawa mpaka pa mzere lili pa deti latsopano, ndipo gawo lotsalalo lili pa deti lakale. Dzungu likamazungulira, gawo la deti latsopano limakula pamene lakale likuchepa. Ili ndiye yankho la mayi aja. Pafupifupi nthawi zonse padziko pamakhala madeti awiri nthawi imodzi, ndipo tsiku limenelo iwo ndi mwana wawo anali m'magawo osiyana.

Mzere wa choko uja ndi womwe timautcha mzere wosinthira deti. Msonkhano wa mayiko womwe unachitikira ku Washington mu 1884 unasankha Greenwich kukhala poyambira kuwerenga madigiri, ndipo mwayi wake unali woti mbali ina ya dziko, pa madigiri 180, ndi nyanja ya Pasifiki komwe anthu ndi ochepa. Ukawoloka mzerewu kulowera kumadzulo, monga kuchokera ku Hawaii kupita ku New Zealand, umalumpha tsiku limodzi. Ukawoloka kulowera kum'mawa, tsiku umalibwereza. Koma mzerewu si wowongoka, ndipo palibe pangano la mayiko lomwe linaukhomerera malo amodzi. Dziko lililonse limasankha lokha mbali yomwe likufuna kukhala.

Dziko la Kiribati, lomwe ndi la zilumba zomwazikana, poyamba linali logawika pakati ndi mzerewu. Maofesi a boma a mbali imodzi akakhala pa Lolemba, a mbali ina amakhala akadali pa Lamulungu. Poyamba chaka cha 1995 anaukankhira mzerewo kum'mawa kuti dziko lonse likhale pa deti limodzi, ndipo chilumba cha Kiritimati chinakhala patsogolo pa Greenwich ndi maola 14. Kuyambira pamenepo pamachitika chinthu chomwe ana amandikanira mpaka titawerengera limodzi pa bolodi. Pa 31 Disembala, nthawi ya 12:30 masana kuno ku Zomba, ku Kiritimati imakhala 12:30 usiku wa pa 1 Januwale. Ku American Samoa, komwe ali kumbuyo kwa Greenwich ndi maola 11, imakhala 11:30 usiku wa pa 30 Disembala. Madeti atatu pa mphindi imodzi, ndipo zimachitika tsiku lililonse pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko masana pa wotchi yathu.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya Samoa. Mu 1892 dzikoli linasamukira ku mbali ya Amereka chifukwa cha malonda, ndipo chaka chimenecho deti la 4 Julaye linachitika kawiri. Patapita zaka, malonda awo ambiri anayamba kuchitika ndi Australia ndi New Zealand, ndipo kusiyana kwa deti kumawadyera masiku a ntchito sabata iliyonse. Mu 2011 anabwerera. Anthu anagona Lachinayi pa 29 Disembala n'kudzuka Loweruka pa 31 Disembala. Lachisanu la pa 30 silinakhaleko. Anansi awo a ku American Samoa sanasinthe, kotero lero zilumba zoyandikana zimasiyana ndi maola 24 athunthu. Munthu angadye Khirisimasi ku Samoa, m'mawa mwake n'kukwera ndege yaing'ono ulendo wosakwana ola, n'kukapeza tsidya linalo Khirisimasi ikuyamba kumene.

Kwa boma inali nkhani ya malonda, koma kwa osunga Sabata inali nkhani ya chikumbumtima, ndipo abale athu a mpingo wa Seventh Day kuno angamvetse kulemera kwake. Dzuwa silinalumphe tsiku. Linatuluka ndi kulowa monga mwa masiku onse. Ukawerenga kulowa kwa dzuwa kasanu ndi kawiri kuchokera pa Sabata lomaliza lisanachitike sinthalo, umafika pa tsiku lomwe kalendala yatsopano ikulitcha Lamulungu. Mipingo yambiri ya Seventh Day ku Samoa inatsata kuwerenga kumeneku n'kuyamba kupembedza pa tsiku lotchedwa Lamulungu, monga amachitira anzawo a ku Tonga. Ena anakana, n'kutsata Loweruka la pa kalendala yatsopano. Sindikuona mbali yomwe ndingaitche yosaganiza. Onse akufuna tsiku lachisanu ndi chiwiri, koma akusiyana pa funso loti mzere weniweni uli pati, ndipo thambo silinajambule mzere uliwonse pa nyanjapo.

Pali kusiyana kwina komwe anthu amakusakaniza ndi nkhani ya mzerewu. Idi ikamachitika masiku osiyana m'mayiko osiyana, gwero lake lalikulu ndi mwezi. Tsiku la Chisilamu limayamba dzuwa likalowa, ndipo mwezi watsopano umayamba kachigamba kake kakaoneka kumadzulo. Mwezi umatalikirana ndi dzuwa pafupifupi theka la digiri pa ola lililonse. Dzuwa likamalowa ku Indonesia, kachigambako kangakhale kakadali kakang'ono kosaoneka ndi maso. Maola angapo pambuyo pake, likamalowa kuseri kwa phiri la Zomba, kamakhala katakulako pang'ono, ndipo likamalowa ku Amereka kamakhala katakula kwambiri. Choncho a kumadzulo angauone mwezi usiku womwe a kum'mawa sanauone, ndipo a kum'mawawo amakwaniritsa masiku 30 a kusala pamene a kumadzulo atsiriza pa 29. Onjezeranipo mitambo, komanso kuti mashehe ena amadikira kuuona m'dziko lawo pamene ena amalandira umboni wa kwina.

Kwa ofuna kuimbira wachibale pa nthawi yake, kuwerenga kwake ndi komwe tachita kuja, koma samalani ndi mayiko omwe amasuntha mawotchi awo m'chilimwe chawo. Ife sitisuntha. London amakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri pa Khirisimasi, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amakhala kumbuyo ndi ola limodzi lokha. Mayi aja ndinawalembera manambala awiri kuseri kwa buku lawo la nyimbo: 11 wa nthawi ya Khirisimasi, ndi 10 wa nthawi ya 6 Julaye, pamene New Zealand amakhala atabweza mawotchi awo ndi ola limodzi.