Musanafunse za phindu, funsani tsiku limene mpamba ubwerere

Funso limene limanditopetsa ndi lakuti, "Kodi bizinesi ya phindu kwambiri ndi iti?" Munthu amene akungoyamba kumene sagwa chifukwa phindu lachepa. Amagwa chifukwa ndalama zake zatsekeredwa mu katundu tsiku limene ngongole ikufunika. Choncho posankha pakati pa kuoda ndi kugulitsa, kugwira ntchito ya luso, kapena kupanga zinthu nokha, werengani masiku amene kwacha yanu imatenga ikachoka m'thumba mpaka kubwereramo.

Cholakwa chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha anthu othamangira kupanga zinthu ndi ndalama ya ngongole. Tiyerekeze mayi wabwereka K200,000 ku banki m'khonde, pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Mwezi ukatha abweze K240,000. Wasankha kupanga chiponde cha m'mabotolo. Kamakina kopera ndi manja tinene K90,000, mabotolo 40 ndi malebulo K30,000, mtedza, mchere ndi makala K60,000, mayendedwe K20,000. Ndalama yonse yatha asanagulitse ngakhale botolo limodzi. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu ikanipo ya kumsika kwanu, koma masamu ake sasintha. Mabotolo onse 40 atagulidwa pa K3,000, apeza K120,000, theka chabe la zimene akuyenera kubweza.

Ndipo sagulidwa onse mwezi umodzi. Eni magolosale amati, "Siyani, tidzakupatsani zikatha." Masitolo akuluakulu amafuna kaye chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo mtedza wosauma bwino umachita chuku chimene chimalepheretsa chiponde kuvomerezedwa. Ulendo woyambanso kawirikawiri umalakwika: mtedza wapserera, kapena mafuta ayandama pamwamba ogula n'kumakayika. Chipondecho si choipa, ndipo pakapita miyezi phindu lake pa botolo limaposa la wogulitsa tomato. Vuto ndi lakuti ngongole ya mwezi umodzi yagulira makina amene amabweza ndalama zake pakatha miyezi yambiri. Tsiku lobweza likafika, mayi uja amathamangira kwa akatapila, kenako kamakina kaja n'kugulitsidwa motchipa.

Mayi yemweyo akanaoda tomato, akanatulutsa K60,000 yokha pa dengu limodzi, K140,000 n'kukhala pambali. Dengu likatha m'masiku atatu kapena anayi, n'kutsala phindu la K8,000 atachotsa mayendedwe, tikiti ya msika ndi wowola, maulendo asanu ndi atatu pamwezi ndi K64,000. Chiwongoladzanja chalipidwa, mpamba ukadalipo. Phindu ndi lochepa, inde, ndipo mnzanu wa benchi yoyandikana akugulitsa zomwezo. Pano ndalama zimafera pawiri: katundu wowola, ndi dzanja lolowa m'chikwama cha bizinesi kukagula ndiwo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Ngati sabata ino mwaoda zochepa kuposa sabata yatha pamene malonda akuyenda, mwayamba kudya mpamba. Belo la kaunjika musaliike m'gulu limeneli mwachangu, chifukwa zovala zabwino zimatha sabata yoyamba, zotsalazo n'kukhala miyezi.

Ntchito ya luso, monga kuluka tsitsi, kumeta kapena kukonza mafoni, ndi imene ndimauza anthu kuti ayambe kuiganizira ngati lusolo ali nalo kale. Woluka tsitsi amalandira ndalama tsiku lomwelo ndipo alibe katundu wowola. Malire ake ndi maola: mutu umodzi ukatenga maola anayi, simungapitirire mitu iwiri kapena itatu patsiku, ndipo mukadwala palibe cholowa. Wometa awerengerenso masiku amene magetsi athima. Koma ngati luso mulibe, musaphunzirire pamutu pa kasitomala. Pitani kaye mukakhale pansi pa mmisiri, kapena mufunse za maphunziro a TEVETA.

Chenjerani ndi amene amakutengerani ndalama kuti akuphunzitseni kupanga sopo wamadzi pa WhatsApp tsiku limodzi, n'kukugulitsaninso mankhwala ake. Iwowo bizinesi yawo ndi inuyo. Afunseni kuti sopo wawo akugulitsidwa m'sitolo iti. Chimodzimodzi olonjeza mankhwala okokera makasitomala: ndalama imeneyo ndi ya dengu lina la tomato.

Ngati mtima wanu uli pa kupanga zinthu, yambani ndi mabotolo khumi, popera pa makina obwereka kapena olipira, ndipo mugulitse kwa anthu olipira pompo. Ogula omwewo akabweranso kachiwiri ndi kachitatu osawachonderera, pamenepo gulani makina, ndi ndalama ya phindu kapena ngongole yobweza kwa miyezi ingapo.