Kugona pang'ono sikuchepetsa thupi

"Ndimagona maola asanu okha. Ndimaganiza kuti munthu akakhala maso nthawi yaitali amawotcha mafuta ambiri, koma thupi langa silikutsika. Vuto n'chiyani?"

Zoona, kukhala maso kumadya mphamvu pang'ono kuposa kugona, koma pang'ono zedi. Chimene chimakula ndi njala. M'mimba mumatuluka homoni yotchedwa grelini, imene imauza ubongo kuti nthawi yodya yakwana, ndipo mafuta a m'thupi amatulutsa leputini, yonena kuti nkhokwe zadzaza. Tulo tikaperewera, kawirikawiri grelini imakwera, leputini n'kutsika. Ndiye mwadya bwinobwino chamadzulo, koma pofika 11 koloko usiku mwayamba kale kuvundukula miphika. Ndipo simufuna masamba ayi, mtima umakhala pa zotsekemera ndi zonona. Zimene mungadye mphindi zisanu zokha zimaposa zonse zimene munawotcha pokhala maso.

Chopweteka kwambiri n'chakuti sikelo imatha kukunamizani. Mu 2010, ofufuza a ku yunivesite ya Chicago anapatsa anthu onenepa chakudya chochepetsedwa mofanana kwa milungu iwiri, ulendo wina akugona maola asanu ndi atatu ndi theka, ulendo wina asanu ndi theka. Makilogalamu anatsika mofanana, pafupifupi atatu. Koma pogona mokwanira, pafupifupi theka la zotayikazo linali mafuta. Pogona pang'ono mafuta anali gawo limodzi mwa magawo anayi basi, zotsalazo zinali minofu ndi madzi.

Choncho ngati sikelo ikutsika koma lamba akukuthinanibe, werengani kaye maola amene mukugona musanachepetsenso chakudya. Munthu wamkulu amafunika osachepera asanu ndi awiri.