Chidule cha makina chisanalowe m'mutu, yambani mwachibwezera ku phunziro

Ophunzira ambiri m'makoleji masiku ano amajambula mawu a mphunzitsi pa foni, n'kuwapereka ku makina a AI kuti awalembe, awafupikitse, kenako apange mafunso oyeserera mayeso pamodzi ndi mayankho ake. Ine monga mphunzitsi wa mbiri yakale sindiletsa zimenezi, bola munthu ayambe wapempha asanajambule mnzake. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chidule chotere chimawerengeka bwino zedi, ndipo chiganizo chabodza chimatuluka chosalala mofanana ndi choona. Makinawa amasanja mawu potsatira zimene zimakonda kuyendera limodzi m'zolemba zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. Choncho akapeza mpata, amaikapo chimene chikuoneka ngati chikanayenera kukhalapo, kaya mphunzitsi anachinena kaya ayi.

Tiyerekeze kuti phunziro linali la ola limodzi, lonena za ndale za Nyasaland kuyambira 1958 mpaka 1960. Mphunzitsi wafotokoza kuti Dr Hastings Kamuzu Banda anabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958, kuti bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi 1959, chipani cha Nyasaland African Congress n'kuletsedwa, Banda n'kutsekeredwa m'ndende ya ku Gweru. Wanenanso kuti m'chaka chomwecho Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo Banda atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, Chirwa anamusiyira utsogoleri.

Musanagwire n'komwe chidulecho, onani kaye zimene makina alemba kuchokera ku mawu ojambulidwa aja, pakuti chidule chimamangidwa pa zimenezo. Mayina akwathu ndi amene amayamba kuphwanyika, ndipo pamene mphunzitsi anasiya Chingelezi n'kulowa m'Chichewa kuti mfundo imveke, nthawi zambiri pamatuluka zopanda mutu kapena pamangodumphidwa. Manambala nawo ndi ovuta. M'Chingelezi 15 ndi 50 amamveka moyandikana kwambiri, moti mphunzitsi akakumbutsa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, zolembedwazo zingathe kunena 1950. Mverani malo amene pali dzina kapena chaka, n'kuwongola pomwepo.

Tsopano chidule. Musachiwerenge ngati nkhani. Tengani cholembera, mudule mzere kunsi kwa dzina lililonse, chaka chilichonse, nambala iliyonse, ndiponso mawu monga "chifukwa", "choncho" ndi "woyamba". Chilichonse chimene mwadula mzere, kachifufuzeni m'manotsi anu, m'masilaidi kapena m'zolembedwa zija. Pa kompyuta, Ctrl+F amakupezerani liwu msanga. Mukachipeza, lembani pambali tsamba kapena mphindi imene chinanenedwa. Chiganizo chosowa pochokera chikhale ndi chizindikiro cha funso mpaka mutachilondola.

Mu phunziro lathu lija, nenani kuti chidule chalemba kuti Banda anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959. Dzina la Banda lilimo m'manotsi, dzina la chipani lilimo, chaka nachonso n'cholondola. Wongofufuza mawu amodziamodzi adzachonga n'kupitirira. Koma chiganizocho n'chabodza, ndipo manotsi omwewo akukuuzani: munthu amene ali m'ndende ku Gweru kuyambira Malichi 1959 mpaka Epulo 1960 sakanakhala kuno n'kumalembetsa chipani. Makina alumikiza mayina awiriwa chifukwa m'zolemba zambiri amapezeka pamodzi. Zolakwa zoopsa zimakhala zamtunduwu, zidutswa zoona zomangidwa ndi mneni wolakwika. N'chifukwa chake mukapeza liwu m'manotsi muyenera kuwerenga chiganizo chonse chimene lilimo, n'kudzifunsa kuti anachita ndani, anachitira yani, ndipo chinayamba n'chiti.

Palinso kulakwa kwina kumene ine ndimakuopa koposa, chifukwa sikuwonjezera kanthu, kumangochotsa. Mphunzitsi wanena kuti boma la atsamunda linkanena kuti a Nyasaland African Congress anakonza chiwembu chopha azungu, ndipo bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linapeza kuti kunalibe pulani yeniyeni yopha anthu motero, ngakhale kuti zolankhula zachiwawa zinalipo. Pofupikitsa, mawu akuti "boma linkanena kuti" amaoneka ngati osafunika, ndiye amagwa. Chotsala n'chakuti a Congress anakonza chiwembu. Mawu onsewo ndi ochokeradi m'phunziro, koma tanthauzo latembenuka. Choncho paliponse pamene mphunzitsi anati "ena amati", "mwina", "sizinatsimikizike" kapena anakana chinthu, onani ngati chidule chasunga kukayikako. Chidule chimene chikulankhula motsimikiza kuposa mphunzitsi mwini wake chikayikireni.

Nanga chinthu chikakhala choona koma sichinanenedwe m'kalasi? Mwachitsanzo chidule chawonjezera kuti Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Zimenezi n'zoona, komabe zisiyanitseni ndi za m'phunziro mpaka mutaziona m'buku. Inu muli apo simungadziwe kuti chowonjezera ichi n'choona, chinacho n'chopeka, poti zonse zavala mofanana. Mawu oikidwa m'kamwa mwa munthu wotchuka, mitu ya mabuku ndi manambala a masamba ndizo zimapekedwa kawirikawiri. Ngati buku silikupezeka m'laibulale kapena pa mndandanda umene mphunzitsi anapereka, musalitchule pa mayeso.

Mukatha apo, yendani njira yobwerera. Lembani mitu imene mphunzitsi anadutsamo, muone ngati uliwonse uli m'chidule. Phunziro likatalika, za pakati ndizo zimakonda kusowa, ndipo chidule sichikuuzani kuti chasiya kanthu.

Mafunso oyeserera amafuna kusamala kwina, chifukwa yankho lake mumaliloweza. Yambani mwayankha nokha, mutaphimba mayankho a makina. Mukasiyana, woweruza akhale manotsi. Kubwerera ku makina omwewo kuti adzitsimikizire sikuthandiza kwenikweni, pakuti amatha kusintha yankho lolondola pongoona kuti mwakayika, kapena kukakamira lolakwika ndi zifukwa zomveka bwino. Taonani tsiku la 6 Julayi. Banda anabwerera pa 6 Julayi 1958, dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo linakhala lipabuliki pa 6 Julayi 1966. Funso losankha yankho lofunsa zimene zinachitika pa tsikuli popanda kutchula chaka lili ndi mayankho atatu olondola, pomwe makina achongapo limodzi lokha. Funso lotero likonzeni kapena litayeni. Onaninso mayankho onyengerera aja, amene amati ndi olakwika. Nthawi zina limodzi mwa iwo limakhala loona, ndipo mukaloweza kuti ndi labodza mwaphunzira cholakwika osadziwa.

Ntchitoyi imadya nthawi, sindikana. Imapepuka mukamagawana pa gulu, wina kutenga theka loyamba la phunziro, wina lachiwiri, aliyense n'kulemba pochokera mfundo iliyonse chidulecho chisanatumizidwe pa WhatsApp ya kalasi. Chikangolowa m'menemo chosaunikidwa, cholakwa chimodzi chimadzapezeka m'mapepala ambiri a mayeso, ndipo ife ochonga timachizindikira msanga poona kuti mawu ake ndi amodzimodzi.

Zimachitikanso kuti chidule ndi manotsi zatsutsana koma wolakwa ndi mphunzitsi, lilime linaterereka pa chaka kapena pa dzina. Apo tsegulani buku limene iye anakuuzani kuti muwerenge, ndipo ngati bukulo likugwirizana ndi chidule, pitani nalo kwa iye tsambalo lili chitsegulire, kuti akonze pamaso pa kalasi yonse mayeso asanafike.