Wina akagujumula ku toileti, wa mu shawa n'kupsa

Madzi a mu shawa akamasintha mwadzidzidzi n'kukhala owaula, anthu ambiri amathamangira kugula mikisa yatsopano, mpopi uja wosakanizira madzi otentha ndi ozizira. Kawirikawiri mikisa ilibe mlandu. Vuto limakhala loti madzi otentha ndi ozizira akufika pa mikisapo ndi mphamvu zosiyana.

Titenge nyumba ya giza ya sola ya padenga, ija yosalandira pulesha. Madzi ake amangotsika okha, ndipo mamita 10 alionse a kutalika amapereka mphamvu ya pafupifupi 100 kPa, poti kPa ndi muyeso wa mphamvu ya madzi. Giza ikakhala mamita atatu pamwamba pa shawa, ndiye 30 kPa basi. Ozizira akuchokera mu paipi ya Wotabodi, mwina pa 300 kPa. Kuti madzi akhale ofunda bwino, wosamba amatsegula otentha mpaka kumapeto, ozizira n'kungowatsegula pang'ono.

Masana a mu Okutobala madzi a sola amatha kufika madigiri 80. Tinene kuti ozizira ali pa 20. Malita atatu otentha ndi asanu ndi limodzi ozizira pa mphindi amapereka madigiri 40, abwino kusamba. Wina agujumule tsopano, thanki ya toileti iyambe kudzaza kuchokera pa paipi yomweyo. Ozizira akachepa ndi theka, madzi afika pa 50. Akatsala lita imodzi ndi theka, afika pa 60, pomwe otentha akungobwerabe monga kale chifukwa gwero lawo ndi lina. Pa madigiri 60 khungu la munthu wamkulu limapsa m'masekondi ochepa chabe, la mwana msanga kuposa apo.

Kuyesa n'kosavuta. Tengani ndowa ya malita 10, muwerenge masekondi amene otentha okha akutenga kuti idzaze, kenako ozizira okha. Mbali imodzi ikatenga nthawi yowirikiza kawiri kapena kuposa, mphamvu zasiyana.

Mankhwala ake ndi gwero limodzi. Pa giza ya sola yotere, ozizira a ku shawa achokere mu thanki yokwera mofanana ndi gizayo, pa paipi yawoyawo yosagawana ndi toileti. Pa giza ya magetsi yolandira pulesha, pamakhala valavu yochepetsa mphamvu, nthawi zambiri ya 400 kPa. Ozizira a ku shawa atengedwe madzi atadutsa kale pa valavuyo, kuti mphamvu ikatsika, itsikire mbali zonse limodzi. Kupana sitopukoko ya ozizira, komwe mapulamba ena amakonda, n'kudzinamiza: kumachepetsa madzi otuluka, koma toileti ikamadzaza amatsikabe okha.

Musatsitse giza pansi pa madigiri 60 pofuna kuthawa vutoli, chifukwa m'madzi ofunda mumaswana tizilombo toyambitsa chibayo. Ngati m'nyumba muli ana kapena okalamba, onjezani valavu yosakaniza yokha, imene imatseka otentha ozizira akaleka kubwera. Pogula, funsani ngati imagwira ntchito pa mphamvu yochepa, poti zambiri zimafuna 100 kPa kapena kuposa ndipo pa giza ya padenga zingangodontheza.