Kalata kwa ine wa Folomu 4, uja ankang'amba mapeji

Iwe mtsikana,

Ndikukuona usiku pa desiki, wang'amba peji yachitatu m'kope la Bayoloje kamba koti walakwitsa liwu limodzi basi, ndiye wayambiranso kukopera notsi zonse. Ukuona ngati ndi khama. Pano ndine mlangizi wa za maganizo, ana onga iwe ndimacheza nawo sabata ndi sabata, ndiye ndikuuze chilungamo, amenewo ndi mantha.

Kusiyana kwake kumaoneka mapepala akabwera. Wakhama akapeza 78 amasangalala kaye kenako nkuona pomwe waphonya. Iwe 78 yomweyo unaipinda nkuibisa pansi pa matilesi, mutu uli pa 22 yotsalayo, ndipo tsiku lomwe unapeza 90 sunasangalalenso, unangopuma kuti lero ndapulumuka. Chizindikiro china ndi kuzengereza, chimangirizo cha Chichewa umayamba usiku woti mawa chikaperekedwe chifukwa ukuopa kuti sichituluka bwino.

Mu 1991 akatswiri awiri a ku Canada, Paul Hewitt ndi Gordon Flett, anagawa mtima wosafuna kulakwitsawu m'mitundu itatu. Wako ndi uja munthu amakhulupirira kuti anthu ena akufuna asaphonye olo pang'ono, apo ayi amutaya. Umenewu ndi umene umayenda kwambiri ndi nkhawa komanso matenda okhumudwa. Ndipo taona, nkhani yagona pa zomwe ukukhulupirira iweyo. Adadi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire fizi nkunena kuti "ukalimbikire mwanangu", iwe m'mutu mwako unamva kuti popanda mapointi 6 pa MSCE usabwerenso pakhomo pano. Sunawafunsepo.

Chomwe ndimachita ndi ana pano nchoti tiyese manthawo ngati mmene timayesera zinthu mu labu. Lemba papepala chomwe ukuopa, mwachindunji: "ndikawaonetsa amayi 64 ya Masamu sandiyankhula sabata yonse", ulembenso kuti ukukhulupirira zimenezi bwanji pa 100. Kenako kawaonetse, ubwere ulembe zomwe zachitikadi, osati zomwe unamva mumtima. Mwina adandaula, inde, nkhope igwa, koma ona ngati madzulo sakuitana kuti nsima yapsa. Kukhumudwa kwa kholo kwa tsiku limodzi ndi kukanidwa ndi zinthu ziwiri, ndipo mutu suvomera zimenezi pongouzidwa, mpaka uone wekha kangapo.

Njirayi ili ndi malire ake. Pakhomo pomwe kulephera kumabwera ndi chikwapu kapena kuthamangitsidwa sindituma mwana yekha, timadzera kwa amalume, azakhali kapena aphunzitsi omwe amawakhulupirira. Ndipo tulo tikasowa masabata awiri, chakudya osalowa, kapena maganizo ofuna kudzipha akayamba kubwera, pamenepo mpofunika kuchipatala msanga.

Unapeza mapointi 17. Unalira njira yonse kuchokera kusukulu, ndipo utafika adadi anangofunsa kuti mafomu a ku koleji amatenga kuti.