Kusanja malamulo a komiti ya mjigo m'mitu, magawo ndi ndime

Malamulo amene makomiti a m'midzi amandibweretsera kuti ndiwasanje nthawi zambiri amakhala atalembedwa motsatira mmene anthu ankayankhulira pamsonkhano, kotero kuti nkhani ya ndalama imapezeka pachiyambi, pakati ndi kumapeto komwe. Ntchito yoyamba ndi kusonkhanitsa mfundo zofanana pansi pa mutu umodzi: dzina ndi zolinga, umembala, maudindo, misonkhano, chuma, chilango, kusintha malamulo ndi kuthetsa komiti. Mutu uliwonse umagawidwa m'magawo, ndipo gawo limakhala ndi ndime zanambala, ndime iliyonse lamulo limodzi lokha.

Taonani chiganizo chonga ichi cha komiti ya mjigo: "Aliyense wotunga madzi azipereka K500 pamwezi kwa msungichuma, akalephera miyezi iwiri asatungenso, koma okalamba ayi." Muno muli malamulo atatu opiringizana. Kodi okalambawo akhululukidwa kupereka, kapena azipereka ndithu koma asaletsedwe kutunga? Nanga "aliyense" ndi munthu kapena khomo? Wosanja sayenera kuyankha yekha mafunso amenewa, chifukwa akatero ndiye kuti wapanga lamulo limene mudzi sunagwirizane, awabweze kumsonkhano. Anthu akagwirizana, Gawo 5.1 la Mutu 5, wonena za chuma, lingalembedwe motere: (1) Khomo lililonse liyenera kupereka chopereka cha pamwezi kwa msungichuma pasanafike pa 10 mwezi uliwonse. (2) Msungichuma ayenera kupereka lisiti. (3) Khomo limene komiti yalilemba m'kaundula wa okalamba silipereka. Zoletsa kutunga zisamukire kumutu wa chilango, ndipo kumeneko zitchule kuti zikukhudza wophwanya Gawo 5.1(1). Ine ndimalangizanso kuti K500 ichotsedwe, m'malo mwake mulembedwe "ndalama imene msonkhano waukulu wagwirizana", pakuti mtengo wa zipangizo za mjigo umakwera ndipo si bwino kusintha malamulo onse chifukwa cha nambala imodzi.

Pamene makomiti ambiri amapunthwa ndi pa mawu. M'kalata kapena m'nthano kusinthasintha mawu kumakometsa nkhani, koma m'malamulo kumabala milandu. Ngati Mutu 5 ukunena "chopereka", Mutu 6 n'kunena "msonkho", tsiku lina wina adzaima n'kunena kuti msonkho sanamvepo, iye amadziwa chopereka. Sankhani liwu limodzi, mulitanthauzire m'gawo la matanthauzo, ndipo mulibwereze paliponse ngakhale litope m'makutu. Chimodzimodzinso "ayenera" ndi "akhoza": loyamba likakamiza, lachiwiri lingopereka mpata. "Wapampando akhoza kuitanitsa msonkhano miyezi itatu iliyonse" ndi ndime imene imamulola kukhala chaka chathunthu osauitanitsa, popanda womuimba mlandu.

Manambala aikidwe pomaliza, mutatha kusuntha zonse, chifukwa ndime imodzi ikasamuka, paliponse pamene panalembedwa "malinga ndi Gawo 5.1" pakhoza kuloza kolakwika. Kenaka tengani pepala loyamba lija, muchonge mfundo iliyonse pamene mwaipeza m'malamulo osanjidwawo, kuti mutsimikize kuti palibe yatayika kapena yolowa mozemba, musanakawerengere anthu pamsonkhano waukulu kuti avomereze.