Musanatumize vidiyo ya banja lanu ku chida cha AI

"Vidiyo ya phwando la kubadwa kwa mwana wanga siikuoneka bwino. Ndikaiika pa webusaiti ya AI kuti iikonze, pali vuto?"

Zida zambiri zotere sizikonzera vidiyo mufoni mwanu. Fayilo yonse imapita ku makompyuta a kampani, kawirikawiri kudziko lina, ndipo imatha kutsala komweko. Choncho yambani mwaionera ngati mlendo. Tinene kuti ndi ya masekondi 40: pakeke palembedwa dzina la mwana ndi zaka zake, pampando pali yunifolomu ya baji ya sukulu, pazenera pakuoneka nambala ya galimoto. Mlendo uja wadziwa kale dzina, sukulu ndi zaka za mwanayo.

Palinso zosaoneka ndi maso. Foni imalemba m'fayilomo tsiku, mtundu wa foniyo, ndipo ngati kamera inaloledwa kudziwa malo, imalembanso pamene nyumba yanu ili. Mawu nawonso musawapeputse. Mu 2023 a Microsoft anaonetsa VALL-E, pulogalamu yotengera mawu a munthu itangowamva masekondi 3. Agogo akuimba m'vidiyomo, mawu awo ndi okwanira kale.

"Malamulo awo ndi aatali zedi. Ndiwerenge pati?"

Kuwerenga onse n'kotopetsa, inenso sinditero. Fufuzani mawu anayi okha. `train` akuuzani ngati vidiyo yanu iphunzitsire AI yawo, `retain` akuuzani kuti aisunga mpaka liti, `sublicense` ndiye kuti angathe kupatsa makampani ena, pomwe `perpetual` ndiye kuti chilolezo chimene mwawapatsa sichitha. Mawu otsirizawa ndi ena mwa amene anautsa mapiri pachigwa mu 2019, anthu atazindikira zimene anavomera pa FaceApp, pulogalamu yosintha nkhope pa zithunzi, atatumiza kale nkhope zawo.

Kenako onani ngati pali pozimitsira kuti zimene mwatumiza zisaphunzitsire AI yawo. Pa ChatGPT pali `Improve the model for everyone` pansi pa `Data controls`. Zimitsani musanatumize, chifukwa kuzimitsa pambuyo kumangoteteza zam'tsogolo. Webusaiti yosatchula n'komwe dzina la kampani yake, ingoisiyani.

"Ndikadzaifufuta pambuyo pake, si basi yatha?"

Ayi. Imachoka pamaso panu, koma makope osungira amatha kukhala masiku kapena masabata. Ngati inaphunzitsira kale AI, kufufuta fayilo sikubweza zimene inaphunzirazo. Okhala m'mayiko a European Union ali ndi lamulo la GDPR, logwira ntchito kuyambira 2018, lowapatsa ufulu wouza kampani kuti ifufute zinthu zawo. Kwina zimadalira malamulo a dzikolo.

"Nanga ana a anzanga amene akuonekamo?"

Funsani makolo awo kaye. Akakana, dulani vidiyoyo itsale kachigawo ka mwana wanu yekha, chotsani mawu ngati sakufunika, ndipo chotsaninso malo. Pa iPhone, potumiza dinani `Options` n'kuzimitsa `Location`.